Nambala ya pachithunzi isanafike kwa dokotala, funsani amene anayeza magaziwo

Inu achinyamata odziwa foni, ntchito ina yakugwerani yomwe simunaipemphe. Kholo likadwalira kutali, pepala la zotsatira za magazi silibweranso pabasi ngati kale. Wina amalijambula, n'kutumiza pa WhatsApp, ndipo limafikira kwa inu amene munapita kusukulu kuti muuze abale zomwe lalembedwa. Ngati pepalalo lachokera kutsidya, ku Tete kapena ku Ulongwe, limakhala la Chipwitikizi, choncho pamafunikanso womasulira. Ine ndakalambira m'ntchito yosunga mapepala a odwala pachipatala china chakufupi ndi malire, ndipo mapepala otere adutsa ambiri m'manja mwanga. Chomwe ndikufuna kukuphunzitsani n'chaching'ono: kalembedwe ka imelo yoyankha kukiliniki komwe anayeza magazi, yowapempha kuti atsimikize zomwe mwawerenga.

Yambani ndi kuzindikira chomwe anthu akukilinikiwo angathe kukutsimikizirani. Iwo ali ndi chinthu chimodzi chomwe inu mulibe, ndicho cholembedwa chenicheni cha mulabotale, m'kompyuta kapena m'kaundula wawo. Kumasulira kwanu sakukudziwa, sanakulembe ndi iwo, ndipo mwina Chichewa kapena Chingelezi chomwe mwamasuliracho sachimva bwino. Mukawafunsa kuti, “Kodi tamasulira molondola?” mwawafunsa chinthu chomwe sangachiikire umboni. Koma mukawafunsa kuti, “M'kaundula wanu, pamzere wakutiwakuti, palembedwa nambala yanji?” limenelo ndi funso lomwe mlembi kapena woyeza magazi angaliyankhe asanadzuke pampando. Imelo yonse iime pafunso limeneli.

Nambala imene yafika kwa inu yadutsa pamalo awiri pomwe ikanatha kupotoka. Poyamba ndi pachithunzi. Pepala lopindidwa m'thumba limafufutika pomwe padutsa mpindo. Kuwala kwa foni kukamenya pepala usiku kumasiya chigamba choyera chomwe chimameza zilembo. Wojambula akayandikitsa foni kuti nambala zioneke zazikulu, amadula m'mphepete, ndipo m'mphepetemo ndi momwe mumakhala dzina la wodwala, tsiku, ndi muyeso womwe nambalayo ikuwerengedwera. Komanso WhatsApp imachepetsa chithunzi potumiza, kotero kuti tizilembo tating'ono timayamba kusungunuka. Pachiwiri ndi pomasulira. Womasulira akhoza kudziwa Chipwitikizi cha pamsika ndi cha kutchalitchi bwinobwino, koma osadziwa kalembedwe ka mulabu. Zolakwa ziwirizi n'zosiyana, ndipo choyambacho n'choopsa kwambiri, chifukwa nambala yowerengedwa molakwika ikangolembedwa bwino papepala lomasuliridwa imaoneka yaukhondo, yosakayikitsa, ngati kuti palibe anaipenekerapo.

Ndikuonetseni ndi nkhani imodzi. Mtsikana wina wakumpingo kwathu anabwera kwa ine ndi foni m'manja. Mayi ake, azaka 52, olemera makilogalamu 68, anali atapita kukakhala kwa mchimwene wawo mumzinda wa Tete. Ali konko anayamba kutupa mapazi ndi kufooka, ndipo achimwene awo anawatengera kukiliniki ina yolipira komwe anawatenga magazi. Mayiwo analibe imelo, choncho anapereka ya mwana wawoyo. Anabwerera ku Malawi zotsatira zisanatuluke. Patapita masiku, kilinikiyo inatumiza uthenga wachidule kwa mtsikanayo wonena kuti zotsatira zatuluka, abwere adzatenge. Amalume ake anakatenga, anapinda pepalalo kanayi, analiika m'thumba la malaya, ndipo madzulo analijambula. Msuweni wina amene anaphunzira kutsidyako analimasulira, n'kulemba pakapepala kuti kiriyatinini ndi 1.3.

Titakulitsa chithunzicho pafoni, mzerewo unkaoneka chonchi: Creatinina, kenako 1, kenako mpatuliro, kenako nambala yomwe mpindo wa pepala unadutsa pakati pake penipeni. Mbali ya kumanja ya nambalayo inali ndi mimba ziwiri zooneka bwino. Mbali ya kumanzere inali yofufutika. Mimba ziwiri kumanja zimapezeka pa 3 komanso pa 8. Msuweniyo anaona 3, ndipo sananame, chifukwa ndi zomwe maso ake anaona. Ine ndinaona kachidutswa ka inki kumanzere komwe kakanatha kukhala kotsala ka 8, kapena kungokhala litsiro la m'thumba. Pambali pake panali kanyenyezi kosonyeza kuti nambalayo yapitirira malire, koma kanyenyeziko sikanatithandize, poti malire a papepalalo ankathera pa 1,1 ndipo nambala zonse ziwiri zikupitirira pamenepo.

Mwina mukuti kusiyana kwa 1.3 ndi 1.8 n'kochepa. Kiriyatinini ndi zinyalala zomwe minofu imatulutsa tsiku ndi tsiku ndipo impso zimazichotsa m'magazi. Impso zikafooka, iye amachuluka. Madokotala amatenga nambala yake pamodzi ndi zaka za munthu, kulemera kwake, ndi kuti ndi mwamuna kapena mkazi, n'kuwerengera kuti impso zikusefa motani pamphindi imodzi. Njira imodzi yodziwika ndi ya Cockcroft ndi Gault ya mu 1976, ndipo kwa mayi athuwa masamu ake ndi awa:

```
(140 - 52) x 68 x 0.85 / (72 x 1.3) = 54
(140 - 52) x 68 x 0.85 / (72 x 1.8) = 39
```

Mayiwo amamwa ma ARV omwe ali ndi tenofoviya, mankhwala omwe amatuluka m'thupi kudzera mu impso ndipo nthawi zina amatha kuzivulaza. Pa mankhwala amenewa madokotala amayang'anira nambala ya 50. Kusefa kukatsika kuposa pamenepo, amaganiza zosintha mankhwalawo kapena kamwedwe kake. Tsono onani: ngati ndi 3, mayiwo ali pamwamba pa 50, ngati ndi 8, ali pansi. Chiganizo cha dokotala chinali chitapachikika pakachidutswa ka inki komwe kali pampindo wa pepala. Pamenepa palibe chifukwa chopenekera, chifukwa nambala yeniyeni ilipo, ikungokhala m'kompyuta ya anthu ena.

Musanathamangire kulemba, yesani kaye njira yapafupi. Pemphani amene ali ndi pepalalo kuti alijambulenso masana, ataliyala patebulo, osayatsa kuwala kwa foni, ngodya zonse zinayi zikuoneka, ndipo atumize posankha Document m'malo mwa chithunzi wamba kuti chisachepetsedwe. Nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo. Kwa mtsikanayu amalume ake anachita zonsezo, koma inki ya pampindopo inali itachokeratu papepala lenilenilo. Nawonso poliyang'ana ndi maso sankatha kusiyanitsa. Apa m'pamene imelo imafunika.

Mtsikanayo anali atalemba kale yake asanabwere kwa ine. Inali yaulemu kwambiri, yaitali, yofotokoza m'mene mayi ake anayambira kudwala, mankhwala onse amene amamwa, nkhawa ya pabanja, ndipo kumapeto inkafunsa kuti, “Chonde tiuzeni ngati zotsatirazi zili bwino.” Ndinamuuza kuti kalata imeneyo ikafika kwa mlembi wotanganidwa, ichita chimodzi mwa ziwiri. Mwina aisiya kuti adzaipereke kwa dokotala tsiku lina, ndipo tsikulo silifika. Kapena ayankha kuti wodwala abwere adzaonane ndi dokotala, yankho lomwe ndi lolondola kwa iwo koma lopanda phindu kwa munthu amene wawoloka kale malire pa Zobwe. Kunena ngati zotsatira zili bwino ndi ntchito ya dokotala amene akumuona wodwalayo, amene angamugwire mapazi ndi kumuyeza kuthamanga kwa magazi. Kwa akutsidyako mukungofuna nambala.

Muyankhe pa uthenga womwe iwo anakutumizirani, podina Reply. Musayambe imelo yatsopano. Mukayankha pomwepo, uthenga wawo umatsalira m'munsi mwa wanu, ndipo wolandira amaona nthawi yomweyo kuti adiresi iyi ndi yomwe wodwala anasiya kwa iwo. Zimenezi zimakuchotserani theka la chikayiko chawo. Komabe yang'anani adiresi yomwe yankho lanu likupita. Ngati ikuyamba ndi noreply kapena no-reply, dziwani kuti uthengawo unatumizidwa ndi makina ndipo kumeneko kulibe munthu wowerenga. Zikatero funani adiresi ina kapena nambala ya foni pamutu pa pepala la zotsatira, ndipo mukopere uthenga wawo woyamba m'munsi mwa wanu. Pamzere wa Subject musafufute zomwe analemba. Ingoonjezeranipo mawu ochepa onena kuti mukupempha chitsimikizo cha nambala imodzi.

Kenako auzeni za wodwala mokwanira kuti asamusokoneze ndi wina. Dzina lokha silikwanira. M'madera a m'malire anthu amafanana maina kwambiri, ndipo dzina limodzi limalembedwa mosiyana mbali ziwirizi, kuno mwa Chichewa, uko mwa Chipwitikizi. Lembani dzinalo monga lalembedwera papepala lawo, ngakhale mukuona kuti analiphonya, chifukwa m'kompyuta mwawo lili choncho ndipo akalifufuza mwa kalembedwe kanu salipeza. Onjezanipo tsiku lobadwa, nambala ya pepala kapena ya botolo la magazi yomwe imakhala pamwamba, ndi tsiku lomwe magaziwo anatengedwa. Papepala la Chipwitikizi tsikuli limalembedwa pafupi ndi mawu akuti colheita. Musalisokoneze ndi tsiku lomwe pepalalo linasindikizidwa. Munthu akhoza kuyezedwa kawiri pakiliniki imodzi, ndipo mukapereka tsiku lolakwika akutsimikizirani nambala yoona ya magazi ena.

Pali chinthu china chomwe achinyamata amachiona ngati nkhanza za akuchipatala, pamene ndi chitetezo cha kholo lawo lomwe. Zotsatira za magazi ndi chinsinsi cha wodwala. Kukhala mwana wake sikukupatsani ufulu woziona popanda iye kuvomera. Kiliniki yosamala ikhoza kukana kukuuzani, ndipo ikatero musakwiye. Chitani zoti asakhale ndi chifukwa chokanira: mayi alembe mizere iwiri papepala yonena kuti akuloleza mwana wawo wakutiwakuti kulandira zotsatira za tsiku lakuti, asayine, ndipo mujambule pepalalo n'kuliphatikiza. Akapempha chiphaso cha wodwala, tumizani, koma pokhapokha mutatsimikiza kuti adiresiyo ndi yawodi. Ndipo chinsinsi chomwecho muchisunge inunso. Mtsikana uja anali atalemba za ma ARV m'kalata yake, ndipo ndinamuuza achotse. Mlembi safunika kudziwa zimenezo kuti awerenge nambala m'kompyuta, ndipo simukudziwa kuti bokosi la imelo la kilinikiyo amalitsegula anthu angati. N'zokwanira kunena kuti dokotala wakuno akufuna nambalayo kuti asankhe mankhwala.

Tsopano pafunso lenilenilo, pomwe ambiri amaphonya ngakhale atachita bwino zina zonse. Mukalemba kuti, “Tawerenga 1,3, kodi ndi choncho?” mwamutsegulira munthu wotopa khomo loti angoyankha kuti “inde” osatsegula n'komwe kaundula. Akhoza kungoyang'ana chithunzi chanu chomwecho, naye n'kuona 3, n'kuvomera. Mukatero mwapeza umboni wa anthu awiri amene ayang'ana chithunzi chimodzi chofufutika, ndipo mtima wanu ukhala pansi pachabe. Funsani mwanjira yoti yankho lisatheke popanda kutsegula cholembedwa chawo. Nenani poyera kuti munawerenga pachithunzi, kuti nambala yachiwiri yafufutika ndipo ikhoza kukhala 3 kapena 8, kenako apempheni kuti alembe okha nambala yomwe ili m'kaundula wawo, m'manambala komanso m'mawu. Kulemba m'mawu n'kofunika, monga tinkachitira polemba cheke kubanki, chifukwa chala chikhoza kuterereka pa nambala imodzi koma n'kovuta kuti chitererekenso mofanana pa liwu lonse.

Dzina la chomwe anayezacho mulikopere monga lilili papepala lawo. Lembani Creatinina, osati liwu lomwe womasulira wanu anasankha. Mukamasulira dzinalo kupita ku Chingelezi, iwo ayenera kulimasuliranso kubwerera kwawo, ndipo pamzere wina akhoza kukafikira pa chinthu china. Mwachitsanzo, zoyeza chiwindi zomwe kuno timazidziwa kuti AST ndi ALT, mapepala ambiri a Chipwitikizi amazilemba TGO ndi TGP, zilembo zofanana kwambiri moti womasulira wosazolowera amazisinthanitsa mosavuta. Mpatuliro nawonso muusiye momwe ulili. Kwa iwo 1,8 ndi chomwe ife timalemba 1.8, ndipo kadontho amakagwiritsa ntchito polekanitsa masauzande, kotero kuti 150.000 papepala lawo ndi 150 sauzande. Polembera iwo tsatirani kalembedwe kawo. Polembera dokotala wakuno sinthani, koma mumuonetse zonse ziwiri.

Pemphaninso muyeso ndi malire. Nambala yopanda muyeso ikhoza kusocheretsa dokotala. Kiriyatinini ma labu ena amamulemba mu mg/dL, ena mu µmol/L, ndipo kuti muchoke pa woyambawo kupita pa wachiwiri mumachulukitsa ndi 88.4. Choncho 1.3 ndi pafupifupi 115, pamene 1.8 ndi pafupifupi 159. Pa kiriyatinini dokotala amatha kuzindikira muyeso pongoona kukula kwa nambala, koma sizikhala choncho nthawi zonse. Shuga wa 20 mu mmol/L ndi wokwera moopsa, pamene 20 mu mg/dL ndi wotsika moti munthu akhoza kukomoka, ndipo chithandizo cha ziwirizi n'chotsutsana. Malire nawo, omwe papepala lawo amatchedwa valores de referência, amasiyana pang'ono labu ndi labu malinga ndi makina ndi njira yoyezera. Musatenge malire a labu yakuno n'kuwaika panambala ya labu yakutsidya.

Kalata yomwe tinagwirizana ndi mtsikana uja, isanamasuliridwe, inali yotere. Maina ndi manambala ozindikiritsa ndawachotsa.

“Zikomo chifukwa cha uthenga wanu wonena kuti zotsatira zatuluka. Ine ndine mwana wa wodwala amene dzina lake, tsiku lobadwa, nambala ya pepala ndi tsiku lotengedwa magazi ndalemba m'munsimu. Kalata yawo yondiloleza ndaiphatikiza. Wodwalayo ali ku Malawi tsopano, ndipo zotsatirazo taziona pachithunzi chokha. Pamzere wa Creatinina nambala yachiwiri yafufutika. Ikhoza kukhala 1,3 kapena 1,8. Chonde tsegulani cholembedwa chanu ndipo mutilembere nambalayo m'manambala ndi m'mawu, pamodzi ndi muyeso wake ndi malire ake. Ngati n'kotheka, titumizireni zotsatira zonse mu PDF kuchokera m'kompyuta yanu. Dokotala wakuno awaona Lachinayi ndipo akufuna nambalayi kuti asankhe mankhwala. Sitikupempha kuti mutanthauzire zotsatirazi. Nambala yanga ya foni ili pansipa.”

Onani kuti ziganizo zake n'zazifupi, chilichonse chikunena chinthu chimodzi. Tinachita dala, chifukwa kalatayi imayenera kumasuliridwa kupita ku Chipwitikizi, ndipo chiganizo chachitali chodzaza ndi ulemu wathu wa Chichewa chimasochera panjira. Msuweni uja anaimasulira, ndipo chiganizo chapakaticho, chomwe chanyamula pempho lonse, chinatuluka motere: Por favor, escrevam o valor da creatinina em algarismos e por extenso, com a unidade. Tinaika Chipwitikizi pamwamba ndi Chingelezi m'munsi, kuti ngati womasulira waphonya penapake, wina kumeneko athe kuyerekeza. Onaninso kuti tinatchula tsiku lomwe yankho likufunika ndi chifukwa chake. Kungolemba kuti “mwachangu” sikusuntha munthu, poti aliyense amalemba choncho. Tsiku lenileni limamuuza mlembi kuti aike kalata yanu pati pamulu wa ntchito zake.

Chithunzicho tinachiphatikiza, koma chifukwa chake chinali choti azindikire pepala lomwe tikunena, ndipo tinatumiza chathunthu chosadulidwa. Pepala lomasuliridwa lija sitinatumize. Likanangowasokoneza ndi kuwakokera ku 1.3. Ngati pali mizere ingapo yokayikitsa, ilembeni yonse m'kalata imodzi, uliwonse pamzere wake, koma musapemphe kuti akutsimikizireni pepala lonse mzere ndi mzere pamene ambiri akuwerengeka bwino. Pempho la PDF ndi lomwe limagwira ntchito imeneyo. PDF yochokera m'kompyuta yawo ilibe mpindo, ilibe mthunzi, ndipo dokotala wakuno angaikhulupirire kuposa kapepala ka msuweni. Makiliniki ena amalemba zotsatira pamanja ndipo alibe PDF. Amenewo apempheni kuti alembenso papepala latsopano, adinde chidindo, ajambule okha.

Pa mzere umodzi ndikuchenjezeni mwapadera, ngakhale sunali pankhani ya mayi awa. Zotsatira zina sizikhala nambala koma mawu, monga zoyeza chindoko, matenda a chiwindi kapena HIV. Papepala la Chipwitikizi mungaone Não reactivo, kutanthauza kuti sanapeze chizindikiro cha matendawo. Kaliwu koyambako kakadulidwa ndi m'mphepete mwa chithunzi kapena kakabisika ndi chala cha wogwira pepala, chotsalacho chimanena zosiyana kotheratu. Mukaona liwu lotere lili pafupi ndi m'mphepete kapena pamthunzi, musauze wachibale aliyense kanthu mpaka mutatsimikiza. Mawu otere akangotuluka pakamwa sabwereranso, ndipo mabanja amasokonekera nawo.

Yankho likabwera, liwerengeni ndi diso lomwelo lokayika. Kilinikiyo inayankha mtsikana uja tsiku lotsatira, ndipo m'yankhomo munali dzina la mayi ake, nambala ya pepala yofanana ndi ya pachithunzi, kenako 1,8 mg/dL, ndi mawu akuti um vírgula oito, malire 0,6 mpaka 1,1, ndi dzina la woyeza magazi amene anayankha. PDF inali pomwepo. Chimenecho ndiye chitsimikizo. Akanangolemba kuti “zili bwino” kapena “tatsimikiza” popanda nambala, tikanawathokoza n'kufunsanso funso lomwelo, chifukwa yankho lotero silisonyeza kuti wina anatsegula kaundula. Yerekezani nambala ya pepala ndi tsiku lotengedwa magazi za m'yankho ndi za pachithunzi chanu musanakondwe kapena kudandaula. Ndipo nambala yotsimikizikayo ikasiyana ndi yomwe munamasulira, ng'ambani kapepala kakale kaja, ndipo muuze aliyense amene munamutumizira. Mapepala awiri osiyana akakhala m'buku limodzi la kuchipatala, tsiku lina wina adzawerenga lolakwikalo.

Dokotala wakuno ataona 1.8 sanasinthe mankhwala pongoona imelo. Anawatenganso magazi mayiwo, anayeza mkodzo, anafunsa za mankhwala ena opha ululu omwe ankagula okha, ndipo zotsatira zatsopano zitafanana ndi zakutsidya m'pamene anawasinthira mankhwala. Umo ndi momwe ziyenera kukhalira. Chitsimikizo cha kiliniki chimangokuuzani zomwe makina awo anapeza tsiku limenelo. Kiriyatinini amatha kukwera kwakanthawi munthu akataya madzi ambiri m'thupi chifukwa chotsegula m'mimba kapena malungo, ndipo matenda a impso okhalitsa amatchulidwa vutolo likaoneka kwa miyezi itatu kapena kuposerapo. Komabe nambala ya ku Tete ija inathandiza, chifukwa inamupatsa dokotala poyambira poyerekeza. Ikanakhala 1.3 ya pakapepala kaja, akanaganiza kuti impso zikufooka mofulumira m'masiku ochepa, kapena akanachedwa kuyezanso poganiza kuti zinthu sizinafike poipa. Inu musasiyitse kapena kusintha mankhwala a kholo chifukwa cha nambala yomwe mwaona, kaya yatsimikizika kaya ayi.

Si nthawi zonse pamene yankho limabwera. Pakapita masiku awiri antchito kuli zii, yankhaninso pa uthenga womwewo ndi chiganizo chimodzi chowakumbutsa, kenako imbani foni kapena tumani wachibale amene ali konko apite ndi kalata yololeza ija akapemphe kuti asindikizenso pepalalo. Akakuuzani nambala pafoni, ibwerezeni kwa iwo nambala imodziimodzi, lembani dzina la amene wakuuzani ndi nthawi yake, ndipo apempheni kuti atsatizebe ndi imelo. Muganizirenso ngati sikwapafupi kungoyezetsanso kuno. Kiriyatinini, shuga ndi kuchuluka kwa magazi ndi zoyeza zofala, ndipo nthawi zina kupita kuchipatala cha boma chachikulu kapena kulabu yolipira kumathetsa nkhani msanga kuposa kudikira kutsidya.

Ndipo pali nthawi yomwe imelo muyenera kuiiwala kaye. Wodwala akayamba kupuma movutikira, kusanza kosalekeza, kukodza pang'ono kwambiri kapena kusiyiratu, kusokonezeka mutu, kapena kutupa kukafika kumaso, mutengereni kuchipatala tsiku lomwelo ndi chithunzi chofufutikacho. Mukafika muuzeni dokotala momwe zilili: kuti pepalalo munaliona pafoni, kuti linamasuliridwa ndi wachibale, ndi kuti nambala iyi simukuitsimikiza, ikhoza kukhala 3 kapena 8. Musachite manyazi kunena kuti simukudziwa, ndipo musasankhe nambala imodzi pofuna kuoneka odziwa zinthu. Imeloyo mudzailemba wodwala atagonekedwa kale pabedi.